Imelo Yotsimikizira Mndandanda wa Ntchito Pulogalamu Isanakwezedwe pa Seva

Pulogalamu ya pa intaneti, monga yogulitsira matikiti a basi kapena yolipirira madzi, simalizidwa kamodzi n'kusiyidwa. Akatswiri amaikonza nthawi ndi nthawi, ndipo zosinthazo zikakwanira amatulutsa mtundu watsopano n'kuukweza pa seva, yomwe ndi kompyuta imene anthu onse amafikira akatsegula webusaiti. Ntchito yokwezayi ili ndi masitepe ambiri ofunika kuchitika motsatana, choncho magulu ambiri amalemba mndandanda wa zoyenera kuchita. Tsiku lokweza lisanafike, munthu mmodzi amapatsidwa udindo wounika mndandandawo, ndipo akamaliza amalembera mtsogoleri wa gulu imelo yonena kuti mndandanda uli wolondola komanso wokwanira. Mtsogoleriyo amadalira imeloyo popereka chilolezo choti ntchito iyambe.

Imelo yake imakhala yaifupi, mwina mizere makumi awiri, koma ntchito yomwe ili kumbuyo kwake ingadye tsiku lathunthu. Mtsogoleri sakhala ndi nthawi yobwereza zonse zomwe wounika wachita. Chimene amafuna ndi umboni woti athe kuona msanga zomwe zayesedwa, mmene zayesedwera, ndi zomwe zatsala osayesedwa. Imelo yongoti "ndaona, zonse zili bwino" simuuza chilichonse mwa zitatuzi, ndipo imangosamutsa udindo kuchoka kwa munthu mmodzi kupita kwa wina popanda kuchepetsa ngozi.

Kulondola ndi kukwanira ndi mayeso awiri osiyana

Mndandanda wolondola ndi womwe sitepe iliyonse yolembedwamo ndi yoona: lamulo lolembedwalo limagwiradi ntchito, dzina la seva ndi lenileni, nambala ya mtundu ndi yomweyo, ndipo masitepe asanjidwa moyenera. Mndandanda wokwanira ndi womwe palibe sitepe yofunika imene yasiyidwa. Mayeso oyamba amachitika poyambira pa mndandanda kupita pa makina, mzere ndi mzere. Achiwiri sangachitike motero, chifukwa chinthu chomwe sichinalembedwe sichioneka ngakhale munthu atawerenga pepalalo kakhumi. Wotumidwa kukagula zophikira pa ukwati akhoza kugula zonse zolembedwa pa pepala mosaphonya, koma ngati wolembayo anaiwala mchere, pepalalo silimukumbutsa. Amene angazindikire ndi yemwe wayamba wafunsa kuti kuphikidwa zotani. Momwemonso, kukwanira kumayesedwa poyambira pa zimene zasintha mu pulogalamu, n'kumafunsa ngati chosintha chilichonse chili ndi sitepe yake pa mndandanda.

Kuti zimveke bwino, nkhaniyi itsata chitsanzo chimodzi chongoyerekezera. Kampani ina ili ndi pulogalamu yogulitsira matikiti a basi, yolembedwa ndi Django, ndipo zambiri zake zimasungidwa mu databesi ya PostgreSQL. Pali maseva atatu olandira anthu ogula, ndi seva yachinayi yogwira ntchito za kuseri pogwiritsa ntchito Celery, monga kutumiza malisiti. Mtundu womwe ukugwira ntchito panopa ndi `v2.7.1`. Watsopano, `v2.8.0`, ukubweretsa chinthu chimodzi: munthu akalipira tikiti azilandira uthenga pa foni wotsimikizira mpando wake. Mndandanda womwe wounika walandira uli ndi masitepe 10, ndipo unakopedwa kuchokera pa womwe unagwiritsidwa ntchito mwezi wapitawo, monga amachitira magulu ambiri.

Kuyesa kukwanira

Wounika amayamba ndi kufunsa Git, chida chosungira mbiri ya khodi, kuti amuonetse mafayilo onse omwe asintha pakati pa mitundu iwiriyo.

```
git diff --name-only v2.7.1 v2.8.0
```

Yankho lake mu chitsanzochi ndi mafayilo asanu.

```
config/settings.py
requirements.txt
tickets/migrations/0018_add_sms_status.py
tickets/tasks.py
tickets/views.py
```

Pa fayilo iliyonse funso ndi limodzi: kodi kusinthaku kukufuna kuti munthu achite chiyani pa seva? Fayilo ya `requirements.txt` imatchula mapulogalamu ena othandizira omwe pulogalamu yaikulu imadalira, ndipo ikasintha ndiye kuti pali china chatsopano chofunika kuikidwa. Sitepe imeneyo ilipo kale pa mndandanda. Fayilo ya mu `migrations` ndi yosintha kamangidwe ka databesi, ndipo nayo ili ndi sitepe yake. Ya `views.py` imangofuna kuti maseva atatu aja ayambitsidwenso ndi khodi yatsopano, zomwenso zalembedwa. Atatu mwa asanu adutsa.

Awiri otsalawo ndi omwe ali ndi vuto. Mu `settings.py` mwaonjezedwa mzere wowerenga kiyi wachinsinsi wotchedwa `SMS_API_KEY`, womwe kampani yotumiza mauthenga pa foni imapereka kwa makasitomala ake. Makiyi otere sasungidwa mu khodi, amaikidwa pa seva padera, ndipo mndandanda sunanene kanthu za kuika kiyiyu. Ngati mzerewo unalembedwa motere, `os.environ["SMS_API_KEY"]`, pulogalamu ikangoyamba n'kupeza kuti kiyi palibe imaima pomwepo ndi uthenga wa `KeyError`, ndipo webusaiti yonse imaleka kutseguka. Vuto lotere ndi lopweteka koma limaoneka msanga, chifukwa pasanathe mphindi aliyense amakhala atadziwa.

La mu `tasks.py` ndi lobisika, ndipo n'chifukwa chake lili loopsa kuposa linzakelo. Mu fayiloyi ndi momwe mwalembedwa ntchito yatsopano yotumiza uthenga, ndipo amene amaigwira ndi seva yachinayi ija. Celery amawerenga khodi pamene akuyamba basi, ndipo akapanda kuyambitsidwanso amapitiriza ndi khodi yakale imene siidziwa ntchito yatsopanoyo. Pamenepo webusaiti imatseguka bwinobwino, anthu amalipira, matikiti amatuluka, koma pempho lililonse lotumiza uthenga likafika kuseri limatayidwa, ndipo mu buku la zochitika pa seva mumangolembedwa kuti `Received unregistered task of type`. Palibe belu lomwe limalira. Gulu limadzadziwa mawa lake makasitomala atayamba kuimba foni. Mndandanda wa mwezi wapitawo unalibe sitepe yoyambitsanso seva yachinayi pa chifukwa chosavuta: mwezi umenewo fayilo ya `tasks.py` sinasinthe.

Wina angafunse kuti bwanji zimenezi sizinaoneke pa seva yoyeserera, pomwe mtundu watsopano umayamba wayesedwa anthu asanauone. Yankho lake ndi loti seva yoyeserera nthawi zambiri sifanana ndendende ndi yeniyeni. Mu chitsanzochi, katswiri yemwe analemba khodiyo anaika kiyi woyeserera pa sevayo ndi manja masabata angapo apitawo, n'kuiwala kulemba. Komanso kumeneko zonse zimayendera pa kompyuta imodzi, kotero kuyambitsanso kamodzi kumakhudza ndi Celery yemwe. Choncho mawu oti "zinayenda bwino poyeserera" ndi umboni wa kulondola kwa khodi, koma si umboni wa kukwanira kwa mndandanda. Wounika waluso amafunsa aliyense yemwe anagwirako ntchito kuti: kodi pali chimene munachita ndi manja pa seva yoyeserera? Funso limeneli limavumbula zinthu zomwe Git sangaonetse, monga malamulo a pa chitetezo cha netiweki kapena ntchito zoikidwa kuti ziziyamba zokha pa nthawi yake.

Palinso sitepe ina yomwe imaoneka yachibwana koma ili ndi mbiri yowawa, yomwe ndi kutsimikizira kuti khodi yatsopano yafika pa seva iliyonse. Pa 1 Ogasiti 2012 kampani ya Knight Capital ya ku America, yomwe inkagula ndi kugulitsa masheya pogwiritsa ntchito makompyuta, inataya ndalama zoposa madola 460 miliyoni m'mphindi pafupifupi 45. Malinga ndi zimene bungwe loyang'anira misika ya masheya la SEC linapeza mu 2013, khodi yatsopano inayenera kuikidwa pa maseva asanu ndi atatu, koma katswiri wina anaphonya imodzi, ndipo panalibe wachiwiri woti aunike ntchito yakeyo. Pa seva yophonyedwayo panatsala khodi yakale yotchedwa Power Peg, imene inali itasiya kugwiritsidwa ntchito zaka zambiri m'mbuyomo, ndipo msika utatsegulidwa inadzuka n'kuyamba kutumiza maoda mosalekeza. Pulogalamu yawo sinali ya pa webusaiti, koma cholakwika chake chingachitike paliponse pomwe pali maseva oposa imodzi. N'chifukwa chake mndandanda wabwino sumangoti "kwezani khodi pa maseva", umatchula seva iliyonse ndi dzina lake ndipo umafuna kuti iliyonse ifunsidwe mtundu womwe ikuyendetsa.

Kuyesa kulondola

Mbali imeneyi imayamba ndi funso loti kodi chomwe chikukwezedwa ndi chomwe chinayesedwa. Dzina loti `v2.8.0` ndi chizindikiro chabe chomwe munthu amamata pa khodi, ndipo chikhoza kumatidwa pamalo olakwika kapena kusunthidwa. Chosasintha ndi nambala yaitali yomwe Git amapereka pa `commit` iliyonse.

```
git rev-list -n 1 v2.8.0
```

Wounika amayerekeza nambala yomwe yatuluka ndi yomwe ili pa lipoti la mayeso komanso yomwe ili pa seva yoyeserera. Zitatuzi zikapanda kufanana, ndiye kuti wina anaonjezera kanthu mayeso atatha, ndipo zotsatira za mayesowo sizikukhudza khodi yomwe ikupita kwa anthu. Mu chitsanzochi zonse zikuyamba ndi `4f9c2ab`.

Kenaka amatsata mndandanda pa seva yoyeserera monga mmene walembedwera, akukopera lamulo lililonse kuchokera pa pepala, osati kulemba za m'mutu mwake. Mfundo imeneyi ndi yofunika chifukwa munthu wozolowera ntchito amakonza zolakwika osadziwa n'komwe kuti wakonza. Akaona dzina la foda lolembedwa molakwika, zala zake zimalemba loyenera, ndipo cholakwikacho chimatsala pa pepala kudikira munthu wina wotopa, usiku wa tsiku lokweza.

Gawo lovuta kwambiri ndi kasanjidwe ka masitepe, makamaka pakati pa databesi ndi khodi. Mu databesi zinthu zimasungidwa m'matebulo, ndipo tebulo lililonse lili ndi makolamu. Mtundu watsopano ukufuna kolamu yatsopano, `sms_status`, yosungira ngati uthenga watumizidwa kapena ayi. Mndandanda woyamba uja unaika kuyambitsanso maseva patsogolo ndi kusintha databesi pambuyo. Zikachitika motero, pakati pa masitepe awiriwo khodi yatsopano imafunafuna kolamu yomwe kulibe, ndipo aliyense wotsegula tsamba la matikiti amalandira uthenga wa vuto wa nambala 500. Njira yoyenera ndi kusintha databesi choyamba. Koma izinso zili ndi funso lake: kwa mphindi zingapo khodi yakale idzakhala ikugwira ntchito ndi databesi yatsopano, kodi idzapirira? Django ali ndi lamulo loonetsa zomwe zidzachitike mu databesi zisanachitike.

```
python manage.py sqlmigrate tickets 0018
```

Mzere wofunika pa yankho lake ndi uwu.

```
ALTER TABLE "tickets_ticket" ADD COLUMN "sms_status" varchar(10) NULL;
```

Mawu omaliza, `NULL`, akutanthauza kuti kolamuyo ikhoza kukhala yopanda kanthu. Khodi yakale siidziwa kolamu imeneyi, choncho ikamalemba tikiti yatsopano imangoisiya yopanda kanthu ndipo databesi imavomera. Pakanalembedwa `NOT NULL` popanda databesi kupatsidwa chodzazamo chake, tikiti iliyonse yolembedwa ndi khodi yakale ikanakanidwa, ndipo malonda akanaima mpaka maseva onse atatu atalandira khodi yatsopano. Kusiyana kwa mawu amodzi kumeneku ndi komwe kumasankha ngati ntchito ingachitike anthu akugula, kapena ngati webusaiti iyenera kutsekedwa kaye ndi kulengeza kwa makasitomala.

Ganizo lomweli limathandiza kupeza malo a masitepe awiri atsopano aja. Kiyi ayenera kuikidwa pa maseva onse anayi chilichonse chisanayambitsidwenso. Seva yachinayi iyenera kuyambitsidwanso isanafike nthawi ya atatu enawo, kuti pempho loyamba lotumiza uthenga likamabwera lipeze wolilandira akulidziwa kale.

Bakapu ndi njira yobwerera

Pafupifupi mndandanda uliwonse uli ndi mzere wonena kuti databesi ikopedwe ndi kusungidwa ntchito isanayambe. Mzerewu ndi womwe umachongedwa mosavuta kuposa ina yonse, chifukwa fayilo ya bakapu ikangooneka anthu amakhutira. Zimene zinachitikira kampani ya GitLab pa 31 Januwale 2017 zinaonetsa kuti kukhutira kotere n'kosathandiza. Katswiri wina anafufuta mwangozi zambiri za mu databesi yaikulu akuganiza kuti ali pa seva ina. Atapita kukatenga mabakapu anapeza kuti a masiku onse sankapangidwa n'komwe, chifukwa chida cha `pg_dump` chomwe chinkayenda chinali cha mtundu 9.2 pomwe databesi inali ya mtundu 9.6. Maimelo ochenjeza za kulepheraku ankakanidwa panjira ndipo sankafika kwa munthu aliyense. Chinawapulumutsa ndi kope lomwe linatengedwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi ngoziyo isanachitike, ndipo zomwe anthu analemba mu databesi m'maola amenewo zinatayika.

Choncho wounika satsimikizira kuti bakapu ilipo, amatsimikizira kuti yabwezeretsedwa. Amatenga fayiloyo, amaitsanulira mu databesi yopanda kanthu pogwiritsa ntchito `pg_restore`, amawerenga kuchuluka kwa matikiti mmenemo n'kuyerekeza ndi a mu databesi yeniyeni, ndipo amalemba nthawi yomwe ntchitoyo yatenga. Mu chitsanzochi yatenga mphindi 25. Mtsogoleri amafunika kuidziwa nambala imeneyi, chifukwa imamuuza kutalika kwa nthawi yomwe malonda angaime zinthu zitaipiratu.

Komabe kubwezeretsa bakapu si njira yoyamba yobwerera m'mbuyo, ndipo mndandanda wonena kuti "zikavuta bwezeretsani bakapu" ndi wolakwika. Bakapu ikatengedwa 9 koloko usiku ndipo vuto n'kuoneka 10 koloko, matikiti onse ogulidwa mu ola limenelo mulibe mu bakapuyo. Kuibwezeretsa n'kufufuta mipando ya anthu omwe alipira kale. Mu chitsanzochi njira yabwino ndi yosavuta: popeza khodi yakale imapirira kolamu yatsopano, kubwerera n'kungoika `v2.7.1` pa maseva onse n'kusiya databesi mmene ilili. Wounika amayesanso zimenezi pa seva yoyeserera, chifukwa kubwerera kosayesedwa kungaonjezere vuto. Ku Knight Capital, akatswiri atasokonezeka anachotsa khodi yatsopano pa maseva asanu ndi awiri omwe anali bwino, ndipo nawonso anayamba kuchita zomwe inkachita seva yolakwika ija.

Mndandanda uyeneranso kunena chomwe chidzachititse gulu kubwerera komanso amene adzalamule. Mawu oti "zikaoneka kuti sizili bwino" amasiya mpata wa mkangano pa nthawi yomwe mphindi iliyonse ikudya ndalama. Gulu la mu chitsanzochi linagwirizana kuti libwerera ngati tikiti yoyeserera yalephera kugulidwa, kapena ngati mapempho oposa 2 pa 100 alionse akubwera ndi nambala 500 kwa mphindi zisanu zotsatizana. Manambala amenewa si lamulo la dziko lonse, gulu lililonse limasankha ake malinga ndi mmene pulogalamu yake imayendera masiku onse. Chofunika n'chakuti asankhidwe anthu mitima ili m'malo.

Imelo yeniyeniyo

Zonsezi zikatha, masitepe akhala 12 ndipo imelo ingalembedwe. Mutu wake umatchula mtundu wa pulogalamu ndi chigamulo, kuti mtsogoleri adziwe yankho asanaitsegule. Imelo ya mu chitsanzochi, yopita kwa mtsogoleri yemwe ndi mayi, ingakhale motere.

Mutu: `v2.8.0`, mndandanda wokwezera watsimikizidwa, pali zosintha zitatu

Mayi,

Ndamaliza kuunika mndandanda wokwezera `v2.8.0`, khodi ya nambala `4f9c2ab`. Kope lachiwiri la mndandanda, lomwe ndalumikiza ku imeloyi, ndi lolondola komanso lokwanira pa ntchito ya Lachiwiri, 9 koloko usiku. Kope loyamba lisagwiritsidwenso ntchito.

Ndasintha zinthu zitatu. Ndaonjezera sitepe 4, yoika `SMS_API_KEY` pa maseva onse anayi. Ndaonjezera sitepe 7, yoyambitsanso Celery. Ndasunthira kusintha kwa databesi patsogolo pa kuyambitsanso maseva, chifukwa khodi yatsopano singayende popanda kolamu ya `sms_status`.

Zomwe ndayesa ndi izi. Mafayilo asanu onse omwe asintha kuchokera pa `v2.7.1` ali ndi sitepe yake. Masitepe 12 onse ndawatsata pa seva yoyeserera ndipo atenga mphindi 18. Kubwerera ku `v2.7.1` popanda kukhudza databesi kwatheka m'mphindi 4. Bakapu ya usiku wathawu ndaibwezeretsa m'mphindi 25 ndipo chiwerengero cha matikiti chikugwirizana.

Zomwe sindinayese ndi ziwiri. Kiyi weniweni wotumizira mauthenga sagwira ntchito pa seva yoyeserera, choncho adzayesedwa koyamba pa sitepe 11, pogula tikiti imodzi ndi nambala ya foni ya ku ofesi. Sindinayesenso mmene kutumiza mauthenga kungayendere ogula atachuluka ngati pa nyengo ya Khirisimasi.

Ndikupempha kuti muvomereze kope lachiwirili, komanso mutsimikize kuti olamula zobwerera m'mbuyo usiku umenewo mudzakhala inu. Khodi ikasinthanso Lachiwiri lisanafike, chitsimikizo ichi chatha mphamvu ndipo ndidzafunika kuunikanso.

Zikomo.

Chigamulo chili m'ndime yoyamba chifukwa mtsogoleri angawerenge imeloyi pa foni ali pakati pa misonkhano. Chigamulocho chamangiriridwa ku zinthu ziwiri zosasintha, nambala ya khodi ndi kope la mndandanda. Popanda zimenezi, mawu oti "mndandanda watsimikizidwa" amayendabe pakamwa pa anthu ngakhale wina ataonjezera kanthu kakang'ono Lolemba madzulo. Kanthu kakang'ono kotere, komwe wokonza amalumbira kuti ndi mzere umodzi wokha, ndi komwe kawirikawiri kamabweretsa fayilo yachisanu ndi chimodzi yopanda sitepe.

Ndime ya zosintha imapereka chifukwa pomwe chifukwacho sichikuonekeratu, koma sifotokoza mbiri yonse ya mmene vuto linapezekera, ndipo sitchula yemwe anaiwala. Imelo yotere imawerengedwa ndi anthu ambiri ndipo imasungidwa nthawi yaitali. Ikasanduka malo olozerana zala, ulendo wina palibe amene adzaulule zomwe anachita ndi manja pa seva yoyeserera. Dzina la kiyi latchulidwa, koma kiyi mwiniwake sanalembedwemo, ndipo sayenera kulembedwa mu imelo kapena mu mndandanda. Mndandanda umangonena komwe akusungidwa ndi yemwe ali ndi chilolezo chomutenga.

Ndime ya zomwe sizinayesedwe ndi yomwe olemba ambiri amaithawa, poopa kuoneka ngati sanamalize ntchito. Koma ndi ndime yomwe mtsogoleri amaigwiritsa ntchito kwambiri. Atadziwa kuti kiyi weniweni adzayesedwa koyamba usiku womwewo, angakonze kuti pakhale njira yolumikizirana ndi kampani yotumiza mauthenga, kapena angasunthe ntchitoyo kuti ichitike pa nthawi yomwe ofesi ya kampaniyo ili yotsegula. Kusankha kuvomera ngozi yotsala ndi udindo wa mtsogoleri, ndipo wounika akaibisa ndiye kuti wasankha m'malo mwake popanda kumuuza. Zomwe zapezeka zikakhala zazikulu, monga ngati bakapu yakana kubwezeretsedwa, imelo siyenera kunena kuti mndandanda watsimikizidwa n'kubisa vutolo m'munsi. Mutu wake uyenera kunena kuti sunatsimikizidwe, ndipo mzere woyamba utchule chomwe chikutsekereza.

Pa nkhani ya nthawi, gulu lokhala ndi anthu m'maiko osiyana liyenera kutchula kuti 9 kolokoyo ndi ya kuti. Maseva ambiri amayendera nthawi ya UTC, yomwe imatsalira ndi maola awiri poyerekeza ndi nthawi ya ku Lilongwe kapena ku Lusaka, kotero 21:00 ya kuno imalembedwa 19:00 mu buku la zochitika pa seva.

Wotsimikiza ayenera kukhala munthu wina, osati yemwe analemba mndandandawo, pa chifukwa chomwe chija: wolemba amawerenga zomwe ankafuna kulemba, osati zomwe zili pa pepala. M'gulu la anthu awiri kapena atatu zimenezi zimavuta, koma ngakhale pamenepo mmodzi angalembe, wina n'kutsata masitepe pa seva yoyeserera wolembayo ali chete. Paliponse pomwe wotsatayo waima n'kufunsa funso, pamenepo mndandanda ukusowa mawu.

M'magulu ambiri masiku ano masitepe ambiri amayendetsedwa ndi makina okha, kudzera mu zida monga Jenkins kapena GitHub Actions, ndipo mndandanda wa manja umafupika. Umenewu ndi mwayi, chifukwa makina saphonya seva chifukwa cha tulo. Sitepe 7 ya mu chitsanzochi, mwachitsanzo, ikuyenera kulowetsedwa mu dongosolo la makinalo kuti Celery aziyambitsidwanso ulendo uliwonse, kaya `tasks.py` yasintha kapena ayi. Koma makina amachita zokhazo zomwe anauzidwa, ndipo sangadziwe okha kuti mtundu uno ukufuna kiyi yemwe kunalibe mwezi watha. Mayeso a kukwanira amatsalabe m'manja mwa munthu.

Chitsimikizo chili ndi malire ake. Chimanena kuti mndandanda ukugwirizana ndi khodi ya nambala yakutiyakuti pa tsiku lomwe unaunikidwa. Sichilonjeza kuti khodiyo ilibe zolakwika, chifukwa imeneyo ndi ntchito ya mayeso, komanso sichilonjeza kuti wokweza adzatsata masitepe onse. Pa chifukwa chimenechi, usiku wa ntchitoyo munthu mmodzi amalemba malamulo pa kompyuta, wina amawerenga mndandanda ndi kuchonga sitepe iliyonse pamodzi ndi nthawi yomwe yatha. Ntchito ikatha, kope lochongedwalo limatumizidwa ngati yankho pansi pa imelo yomwe ija, ndipo sitepe iliyonse yomwe inafunika kusinthidwa usikuwo imakonzedwa mu mndandanda wa gulu mtundu wotsatira usanayambe kukonzekeredwa.